Buleka ikamangogwa, vuto lili pati?

Mu Juni kuno ku Ulongwe kumazizira. Mwayatsa hita ya mawati 2,000, ketulo ya 2,000 ndi mbaula ya 1,500. Patapita mphindi zingapo, magetsi thi! Apa mwangochulutsa katundu. Pa mavoti 220, buleka ya maampu 16 imanyamula mawati pafupifupi 3,500, koma inu mwaisenzetsa 5,500. Zulani hita, dikirani buleka izizire, muikweze. Ikhala.

Waya akawonongeka, zimasiyana. Buleka imagwa pomwepo mukangoikweza, nthawi zina ndi kaphokoso koti "phwa".

Yesani chonchi: zulani mapulagi onse, zimitsani maswichi onse, kenako kwezani buleka. Ikagwabe, vuto lili m'mawaya a nyumba. Mwina khoswe watafuna waya kudenga, kapena mvula yalowa mu soketi. Ikakhala, bwezerani zipangizo chimodzichimodzi. Chimene chagwetsa buleka chili chokha, ndicho chawonongeka.

Mukamva fungo la pulasitiki wopsa kapena mukaona soketi yada, musaikwezenso. Itanani mmisiri wa magetsi. Musalole kuti akuikireni buleka yaikulu pa waya yemweyo, chifukwa wayayo angatenthe n'kuyatsa nyumba.