Mphaka, mphika ndi mphasa: momwe mgwirizano wa mawu umasokonekera m'Chichewa

Dzina lililonse m'Chichewa lili ndi gulu lake, ndipo gululo ndilo limalamula mawu ena onse onena za dzinalo. Mneni, mfotokozi, mawu owerengera, mawu olozera ndi mawu osonyeza umwini, onsewa amatenga kachizindikiro kochokera ku gulu la dzina. Mabuku a malamulo a chiyankhulo amatcha kachizindikiro kameneka kuti mgwirizanitsi. M'chiganizo chakuti "Chingwe changa chachitali chija chaduka," mgwirizanitsi wa gulu la chingwe akumveka pa mawu onse anayi otsatira dzinalo. Zingwe zikachuluka, mawu anayiwo amasinthira pamodzi: "Zingwe zanga zazitali zija zaduka." Liwu limodzi likatsalira, monga "Zingwe zanga zija chaduka," khutu la mwini chiyankhulo limakana nthawi yomweyo, ngakhale mwiniyo asadziwe dzina la lamulo limene laphwanyidwa.

Kusukulu magulu amenewa amaphunzitsidwa ndi mayina otengera chimodzi ndi zambiri: Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma, Chi-Zi, I-Zi, U-Ma ndi Ka-Ti, kuphatikizapo magulu a malo a Pa, Ku ndi Mu. Mayinawa ndi othandiza, koma amapusitsa wophunzira amene angaganize kuti gulu la dzina limaonekera pa malembo ake oyamba nthawi zonse. Zolakwika zambiri zimayambira pamenepo.

Mayina atatu awa, mphaka, mphika ndi mphasa, amayamba mofanana papepala, koma ali m'magulu atatu osiyana. Mphaka ali m'gulu limodzi ndi munthu: "mphaka uyu anagwa," ndipo akachuluka ndi amphaka. Mphika uli m'gulu la Mu-Mi: "mphika uwu unagwa," ikachuluka ndi miphika. Mphasa ili m'gulu la I-Zi: "mphasa iyi inagwa," ndipo zikachuluka dzinalo silisintha, zimangokhala "mphasa izi zinagwa." Chimodzimodzinso chule ndi chingwe. Onse akuyamba ndi ch, koma chule amafa pamene chingwe chimaduka; palibe Mchewa anganene kuti "chule chafa." Mayina a gulu la Li-Ma nawo ambiri saonetsa li pa dzina. Khasu, dzira, tsiku ndi boma amangodziwika gulu lawo akalowa m'chiganizo: "Khasu langa lathyoka," "Boma lalamula."

Njira yodalirika yodziwira gulu ndi kuyesa dzinalo ndi liwu lolozera kapena ndi nambala yoyamba. Dzina lovomera "uyu" ndi "mmodzi" ndi la Mu-A, lovomera "ili" ndi "limodzi" ndi la Li-Ma, lovomera "iyi" ndi "imodzi" ndi la I-Zi. Lovomera "uwu" ndi "umodzi" lingakhale la Mu-Mi ngati mudzi, kapena la U-Ma ngati uta, ndipo apa chimene chimalekanitsa ndi zambiri zake: midzi, mauta. Kuyesaku kumaulula chinthu chimene chimadabwitsa ophunzira ambiri, chakuti zinthu zina zopanda moyo zili m'gulu la anthu. Fodya, katundu, shuga ndi feteleza amavomera "uyu." N'chifukwa chake mlimi amati "fodya ameneyu akuuma bwino," ndipo wapaulendo amafunsidwa kuti "katundu uja wamusiya kuti?"

Malo amene ngakhale eni chiyankhulo amaterereka ndi pakati pa Mu-A ndi Mu-Mi, chifukwa magulu awiriwa amafanana pa zinthu zina. Amati "mtsikana wanga" ndi "mtengo wanga." Amatinso "mtsikana wagwa" ndi "mtengo wagwa." Wongomva ziganizo zimenezi akhoza kukhulupirira kuti mayina awiriwa ndi a gulu limodzi. Kusiyana kumatulukira nthawi ya mneni ikasintha: mtsikana akugwa koma mtengo ukugwa, mtsikana anagwa koma mtengo unagwa. Kumatulukiranso dzinalo likakhala lochitidwa ntchito, pakuti wina amati "ndamuona" ponena mtsikana ndi "ndauona" ponena mtengo.

Kufanana komweku ndiko kumabala cholakwika chomveka kawirikawiri pa afotokozi, chakuti "mudzi wamkulu" kapena "msewu wamtali." Chichewa chili ndi afotokozi ochepa, monga -kulu, -ng'ono, -tali, -fupi ndi -wisi, amene amatenga agwirizanitsi awiri motsatizana. Mu "chachikulu" muli cha ndi chi, mu "lalikulu" muli la ndi li, mu "zazikulu" muli za ndi zi. Pa munthu amakhala wa ndi m, "mwana wamkulu," pamene pa mudzi amakhala wa ndi u, "mudzi waukulu." Woyamba ndi yemweyo m'magulu onse awiri, ndiye lilime likangonena wa limathamangira m amene linazolowera ponena za anthu. Cholondola ndi "mudzi waukulu," "msewu wautali," "munda waung'ono," ndipo pa zambiri "midzi yaikulu," "misewu yaitali." Amene akukayika ayese kuchulukitsa dzinalo. Likatenga mi, mfotokozi wake pa chimodzi ayenera kukhala ndi u.

Zolakwika ngati zimenezi zimapweteka khutu koma uthenga umafika. M'gulu la I-Zi nkhani ndi ina, chifukwa mbuzi, nkhuku, nyumba ndi njinga sizisintha maonekedwe zikachuluka. Mgwirizanitsi yekha ndiye amanena ngati ndi imodzi kapena zambiri. Chitsanzo ndi chidziwitso chonga ichi, chimene munthu angakhome pamtengo wa pamsika: "Mbuzi zanga zitatu zakuda amene ndinagula ku Lizulu yasowa. Amene wayiona andiuze." Dzina lolamula ndi mbuzi, ndipo "zanga," "zitatu" ndi "zakuda" zikusonyeza kuti nzambiri. Liwu lakuti "amene" loyambalo ndi la anthu, choncho pamafunika "zimene." Mneni "yasowa" akunena za mbuzi imodzi, ndipo yi wa mu "wayiona" akubwereza zomwezo. Wowerenga sangadziwe ngati zasowa zonse zitatu kapena imodzi mwa zitatuzo, ndipo wotola mbuzi imodzi akhoza kuganiza kuti nkhani yatha. Ngati zasowa zonse, chidziwitsocho chiyenera kunena kuti "Mbuzi zanga zitatu zakuda zimene ndinagula ku Lizulu zasowa. Amene waziona andiuze." Ngati yasowa imodzi, chiyambe ndi "Imodzi mwa mbuzi zanga zitatu," ndipo pamenepo "yasowa" ndi "wayiona" alondola. "Amene" wachiwiriyo ndi wolondola kale, chifukwa akunena za munthu woona mbuziyo.

Vuto lina limabwera ndi mayina a anthu amene sali m'gulu la anthu. Mfumu, nduna, mboni, nkhalamba ndi mbava amatenga agwirizanitsi a mbuzi ndi nyumba pa chimodzi: "mfumu yafika," "mboni yalumbira." Palibe chipongwe pamenepa, ndi gulu chabe. Wofuna kupereka ulemu amasamutsa dzina lonse, n'kunena kuti "amfumu afika" kapena "anduna ayankhula." Njira zonse ziwiri nzabwino. Choipa ndi kuyamba ndi imodzi n'kumaliza ndi inzake, monga zimamvekera nthawi zina m'nkhani zomasuliridwa mofulumira kuchokera ku Chingerezi. M'chiganizo chakuti "Mfumu yaitana anthu ake ndipo yakana kusamuka," wokana ndi mfumu. Wolemba akasintha n'kuika "akana" pofuna kulemekeza mfumuyo, owerenga amamva kuti okana ndi anthu aja, ndipo nkhani yonse yatembenuka. Wolemba asankhe "mfumu" kapena "amfumu" poyamba pomwe, ndipo chiganizo chikhoza kusokoneza, atchulenso dzinalo.

Chiganizo chikatalika, mneni amakopeka ndi dzina limene lili pafupi naye m'malo mwa dzina limene likulamula. Mu "Chiwerengero cha ana amene akusiya sukulu chatsika," chimene chatsika ndi chiwerengero, ana sanatsike, choncho "atsika" ndi cholakwika ngakhale ana atchulidwa pafupi. Ndi chimodzimodzi "Mtengo wa feteleza ukukwera" ndi "Gulu la amayi lafika." Mankhwala ake ndi kuchotsa mawu onse apakati m'maganizo, n'kuika mneni pafupi ndi dzina loyamba: chiwerengero chatsika, mtengo ukukwera, gulu lafika.

Mayina awiri akalumikizidwa ndi "ndi," funso limakhala lakuti mneni atsate liti. Akakhala anthu a gulu la Mu-A palibe chovuta: "mayi ndi mwana apita." Zikakhala zinthu za magulu osiyana, Chichewa chimathawira kwa zi, ngati kuti pali liwu lakuti "zinthu" lobisika: "mpeni ndi dengu zasowa." Nkhani imeneyi inafufuzidwa ndi akatswiri a ziyankhulo Greville Corbett ndi Al Mtenje m'zolemba zawo za mu 1987. Pamene pamavuta kwambiri ndi pophatikiza munthu ndi chinthu, chifukwa "mnyamata ndi mbuzi zagwa" ikunyoza mnyamatayo, pamene "agwa" sakuyenera mbuzi. Oyankhula bwino amapewa msampha umenewu pomanga chiganizo mwina: "Mnyamata wagwera m'dzenje pamodzi ndi mbuzi."

Si kusiyana kulikonse kumene kuli cholakwika. Mayina obwereka ena sanakhazikike m'gulu limodzi, kotero kuti "galimoto yanga" ndi "galimoto langa" zonse zimamveka, monganso "sukulu zathu" ndi "masukulu athu." Chinyanja cha ku Lusaka chimagwiritsa ntchito vi pamene Chichewa cha m'mabuku a ku Malawi chili ndi zi, ndipo woyankhula Chinyanjacho akamasunga vi pa dzina, pa mfotokozi ndi pa mneni ndiye kuti akutsata lamulo la mgwirizano mokwanira. Mphunzitsi kapena mkonzi amene amadula zimenezi ndi cholembera chofiira, n'kusiya "mudzi wamkulu" adutse, walunjika polakwika. Chimene ayenera kudula ndi kusintha gulu pakati pa njira: wolemba amene wayamba ndi "galimoto yanga" amalize ndi "yawonongeka," ndipo amene wayamba ndi "galimoto langa" amalize ndi "lawonongeka."