Chitsulo nachonso chimatamuka

Chitsulo chikakokedwa chimatalika, ngakhale diso silingaone. Tiyerekeze mtengo wachitsulo wolendewera padenga, wa zigawo ziwiri. Chigawo chapamwamba n'chotalika mamita 2, ndipo chitadulidwa, nkhope yake ndi 400 mm². Chapansi n'cha mita imodzi, nkhope yake 200 mm². Polumikizirapo pakolekedwa katundu wokoka ndi mphamvu ya 60 kN, kunsonga wina wa 20 kN.

Akatswiri amawerengera chigawo chilichonse pachokha ndi lamulo lakuti δ = PL/(AE). P ndi mphamvu yokoka m'chigawocho, L kutalika, A nkhope ija, pomwe E ndi kuuma kwa chitsulo, pafupifupi 200,000 N/mm².

Pamene ambiri amaphonya ndi pa P. Dulani chitsulocho m'maganizo, muone zonse zolendewera kunsi kwa podulapo. Chigawo chapansi chasenza 20 kN yokha, choncho (20,000 × 1,000)/(200 × 200,000) ikupereka theka la milimita. Chapamwamba chasenza akatundu onse awiri, 80 kN osati 60, ndipo chitalika mamilimita 2. Zonse pamodzi ndi mamilimita 2.5. Wopeza 2 waiwala kuti katundu wakunsonga akukokanso kumtunda.

Chigawo chopanikizidwa m'malo mokokedwa chimafupika, ndiye yankho lake limachotsedwa, osati kuphatikizidwa. Komanso lamuloli lili ndi malire: P/A ikapitirira pafupifupi 250 N/mm², chitsulo wamba chimatamukiratu osabwerera. Chigawo chapamwambachi chili pa 200.