Kalata yofunsira ntchito yauphunzitsi: lembani zimene munachita

Sukulu ikalengeza kuti ikufuna mphunzitsi, makalata amaunjikana pa tebulo la ahedi. Ambiri amalembedwa m'Chingerezi, ndipo amanena chimodzimodzi: wolembayo ndi wolimbikira, ndi wodzipereka, amakonda uphunzitsi ndi mtima wonse. Ahedi akafika pa kalata yachikhumi, mawu amenewa sawaonanso. Si kuti ndi abodza ayi. Vuto lake n'lakuti waulesi nayenso amawalemba, ndipo palibe angamutsutse.

Pali njira yapafupi yoyesera chiganizo chilichonse m'kalata yanu. Dzifunseni ngati alipo munthu angalembe chotsutsana nacho. Palibe mphunzitsi angalembe kuti "ndimadana ndi ana" kapena "ndimachedwa kuntchito". Choncho kunena kuti mumakonda ana ndipo mumasunga nthawi sikukusiyanitsani ndi aliyense. Chiganizo chotero chifufuteni, m'malo mwake muikemo chinthu chimene ahedi angachitsimikizire poimba foni kusukulu imene munaphunzitsako.

Tiyerekeze kuti mtsikana wina wamaliza maphunziro a IPTE ku Kasungu TTC, ndipo akufunsira malo pa sukulu ya pulayimale ya mishoni imene ikufuna mphunzitsi wa Sitandade 2. Kalata yake yoyamba ikuti: "Ndine mphunzitsi wakhama, wokonda ana ndiponso wotha kugwira ntchito ndi anzanga." Iye akuganiza kuti alibe china cholemba poti sanalembedwepo ntchito. Koma amene wadutsa IPTE anakhalako pasukulu miyezi ingapo akuphunzitsa moyeserera, ndipo nkhani yake ili m'menemo.

Mufunseni mafunso atatu. Unaphunzitsa kalasi yanji, ya ana angati? Chinkavuta n'chiyani? Iwe unachitapo chiyani? Mayankho ake akhoza kubala ndime yotere: "Pa nthawi yoyeserera ndinaphunzitsa Chichewa ndi masamu mu Sitandade 2, m'kalasi ya ana 94. Poyamba teremu ndinayesa mwana aliyense payekha, ndipo 31 sankatha kuwerenga maphatikizo. Ndinadula makatoni n'kulembapo maphatikizo, ndinawagawa anawo m'magulu a asanu ndi mmodzi, ndipo tinkatsalira mphindi 20 tikaweruka katatu pa sabata. Pomatha teremu, 19 mwa iwo ankawerenga mawu afupiafupi."

Mawu oti khama mulibe m'ndimeyi, koma owerenga aliona okha. Aonanso kuti mtsikanayu amadziwa kuyesa ana, amatha kupanga zipangizo ndi zinthu zopezeka pafupi, zimene aphunzitsi amati TALULAR, komanso kalasi yodzaza siimuopsa. Ndipo taonani, sanabise kuti ana 12 anatsalabe m'mbuyo. Kwa ine apa ndi pamene kalatayi yakomera, chifukwa aliyense amene anagwirapo choko amadziwa kuti ana onse sakwera pamodzi. Wolemba kuti onse anakhoza amakayikitsa.

Manambala ali ndi msampha wake. Ena akamva kuti afunika umboni, amatola zotsatira za sukulu yonse pa mayeso a MANEB n'kuziika ngati zawo. Ana a Sitandade 8 akakhoza PSLCE, adutsa m'manja mwa aphunzitsi ambiri. Inu nenani phunziro lanu, kalasi yanu ndi chaka chake. Nambala imene simungaifotokoze pa tsiku la mafunso musailembe. Ngati simunasunge kaundula wa malikisi, fotokozani chimene munachita popanda kupeka chiwerengero, monga kuti munayambitsa kalabu yowerenga imene inkakumana Lachitatu lililonse.

Mbali zina za kalatayi n'zachidule. Pamutu tchulani ntchito monga mmene ailembera m'chilengezo. Chiganizo choyamba chinene maphunziro anu ndi kumene munaona chilengezocho. Ngati munalembetsa ku Teachers Council of Malawi, nenani, pakuti ndi chinthu chotsimikizika. Zonse zikwane tsamba limodzi, ndipo musabwereze zimene zili kale pa CV.

Ndime imene ambiri amaiphonya ndi yonena za sukuluyo. Amalemba kuti ndi sukulu yotchuka ya mbiri yabwino, mawu amene angatumizidwe kulikonse pongosintha adiresi. Werengani chilengezo bwinobwino. Ngati akufuna wotha kuthandiza pa masewero kapena kugonera pafupi ndi sukulu, yankhani chimenecho mwachindunji: munaphunzitsapo mpira wamanja, kapena ndinu wokonzeka kusamukira komweko.

Musanatumize, mupatseni mnzanu kalatayo mutaphimba dzina lanu. Ngati angathe kusayinapo dzina lake osasintha kanthu, bwererani ku masikimu ndi makope anu akale, mukatolemo chinthu chimodzi chimene munachita inuyo, ndipo mulembe chimenecho.