Mafuta ouma pa sitovu ndi pa chokoka utsi: yambani mwadziwa chitsulo chake

Amene muli ndi lesitilanti, kantini kapena malo ogona alendo, ndiponso inu amene mumalembedwa ganyu yoyeretsa makhitchini, mumaadziwa mafuta aja okhala ngati phula amene amamatirira m'mbali mwa sitovu ndi pansi pa chokoka utsi. Ambiri amalimbana nawo ndi sitiliwulu ndi mphamvu za m'manja. Mapeto ake sitovu imakalikakalika, mafutawo ali pompo. Ntchitoyi imafuna zinthu zitatu, zomwe ndi soda woyenera, madzi otentha ndi nthawi. Koma musanasankhe soda, muyenera kudziwa kuti chimene mukutsukacho ndi chitsulo chanji.

Mafuta ophikira akangotayikira amakhala amadzimadzi, ndipo sopo wotsukira mbale amawachotsa msanga. Akakhala pamalo otentha masiku angapo, mpweya ndi kutentha zimawasintha. Amayamba kunanda, kenako amauma n'kukhala ngati vanishi wofiirira. Ndi zomwe mumaziona m'mphepete mwa chiwaya cha tchipisi, pamene mafuta amagwa n'kupsa tsiku ndi tsiku. Akafika pamenepo sopo wamba sawaloweranso. Chimene chimawafewetsa ndi mankhwala a mtundu wa chidulo, omwe akakumana ndi mafuta amawaswa n'kuwasandutsa sopo wosungunuka m'madzi. Ndiye chifukwa chake makolo ankatsuka miphika ya mafuta ndi phulusa.

Pamsika soda alipo wa mitundu itatu, ndipo mphamvu zake n'zosiyana kwambiri. Woyamba ndi soda wophikira, yemwe timathira m'therere ndi m'zigumu. Uyu ndi wofatsa, ndipo mungamugwiritse ntchito pafupifupi pa chitsulo chilichonse. Wachiwiri ndi soda wochapira, yemwe ndi waukali pang'ono. Akasowa m'sitolo mukhoza kudzipangira: yalani soda wophikira pa thileyi, muike mu uvuni wa madigiri 200 kwa ola limodzi, ndipo amasanduka wochapira. Wachitatu ndi kositiki soda, amene opanga sopo amagula. Ameneyu amadya mafuta ouma mofulumira kuposa onse, koma amadyanso khungu, maso ndi aluminiyamu.

Apa ndi pamene ndalama zimatayikira. Masefa ambiri a zokoka utsi zam'nyumba ndi a aluminiyamu, olukidwa ngati ukonde. Mukawaviika mu kositiki soda, madzi amayamba kuchita thovu, sefa imada n'kukhala yotuwa ngati phulusa, ndipo mukaisiya nthawi yaitali imabooka. Thovu lija ndi mpweya woyaka moto. Soda wochapira naye amadetsa aluminiyamu, ngakhale amatero pang'onopang'ono. Sefa ikada choncho mtundu wake subwereranso. Masefa a m'makhitchini akuluakulu nthawi zambiri amakhala a chitsulo chosachita dzimbiri, okhala ndi mizere yopindika m'malo mwa ukonde, ndipo amenewa amapirira soda waukali.

Mungasiyanitse bwanji? Aluminiyamu ndi wopepuka ndipo msomali umamukala mosavuta. Chitsulo chosachita dzimbiri n'cholemera ndi cholimba. Musadalire maginito okha, chifukwa sagwira aluminiyamu, komanso sagwira mitundu yambiri ya chitsulo chosachita dzimbiri. Ngati mukukayikabe, dontheziranipo kadontho ka madzi a soda waukali pangodya yobisika, mudikire mphindi ziwiri. Pakachita tithovu kapena kuda, ameneyo ndi aluminiyamu. Tsukuluzani msanga, mugwiritse ntchito soda wophikira basi.

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa khitchini ya kalesitilanti komwe amakazinga nkhuku ndi tchipisi tsiku lililonse. Muli sitovu ya gasi ya moto unayi, ndipo pamwamba pake pali chokoka utsi cha masefa awiri a aluminiyamu omwe sanatsukidwe kwa miyezi itatu. Choyamba tsekani gasi pa silinda, muzimitse magetsi a chokoka utsi pakhoma, muyale makatoni kapena manyuzipepala pa sitovu kuti zogwa kumwamba zisadetse pansi. Ntchito imayambira kumwamba kutsikira pansi.

Chotsani masefa aja, mupale mafuta ochindikala ndi kapulasitiki kolimba, monga khadi lakale la kubanki, n'kupukutira papepala. Mafuta amene mwapala sadzadyanso soda wanu. Kenako thirani malita 10 a madzi otentha kwambiri m'beseni lomwe sefa ingagonemo yonse, muikemo theka la kapu ya soda wophikira ndi masipuni awiri aakulu a sopo wotsukira mbale. Sodayo muzithira pang'onopang'ono chifukwa amafufuma akagwera m'madzi otentha. Viikani masefa kwa mphindi 20, kenako mukweche ndi bulashi yofewa kapena mswachi wakale, mbali zonse ziwiri. Madzi akazizira mafuta amagwiranso, choncho ngati sefa sinayere musaonjezere soda m'madzi omwewo. Tayani, muwiritse ena, mubwereze. Sefa ya miyezi itatu nthawi zambiri imafuna kawiri. Mukatsukuluza, ikwezeni kuloza kudzuwa. Kuwala kuyenera kudutsa ponseponse, ndipo pamene pali mdima mafuta adakalipo.

Masefa akadakhala a chitsulo chosachita dzimbiri, m'malita 10 omwewo mukadaika theka la kapu ya soda wochapira n'kuwasiya theka la ola kapena ola lathunthu. Kositiki soda musungireni zokanika zenizeni. Magalamu 200 m'malita 10 ndi okwanira. Amathiridwa pang'onopang'ono m'madzi ozizira, osati madzi kuthiridwa pa iye, chifukwa amatenthetsa madzi yekha ndipo akhoza kuthovukira kumaso. Sakanizirani m'chidebe cha pulasitiki yochindikala, osati m'sufuliya ya aluminiyamu, ndipo chitirani panja mutavala magolovesi aatali ndi magalasi otchinga maso. Akakudontherani pakhungu kapena m'maso, thirani madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 20. Ngati ndi m'maso, pitani kuchipatala ngakhale ululu utachepa.

Pamene masefa ali m'madzi, yambani thupi la chokoka utsi ndi pamwamba pa sitovu. Izi simungaziviike, ndiye pamafunika phala. Sakanizani masipuni atatu a soda wophikira ndi sipuni imodzi ya madzi ndi madontho a sopo wotsukira mbale. Nyowetsani malowo ndi nsalu yotentha, pakani phalalo mochindikala, kenako muphimbe ndi pepala la pulasitiki. Soda amagwira ntchito akakhala wonyowa, akauma wasiya. Pakatha theka la ola vundukulani, mupale ndi kapulasitiki kaja. Mafuta ofewa bwino amachoka ngati matope. Ngati akukanabe, pakaninso m'malo mokwecha mwamphamvu. M'kati mwa chokoka utsi musathire madzi pa mota, pa mawaya kapena pa babu. Pukutani ndi nsalu yofinya bwino.

Chitsulo chosachita dzimbiri chili ndi timizere toloza mbali imodzi, ndipo popukuta muzitsata timizereto. Sitiliwulu musamuyandikize. Amasiya tizidutswa ta waya tomwe timachita dzimbiri pakapita masiku ochepa, mwini khitchini n'kumati mwamuonongera sitovu. Jiki nayenso sachotsa mafuta, koma amatha kusiya timaenje pa chitsulochi. Ndipo musamusakanize ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira, chifukwa amatulutsa mpweya wa poizoni. Viniga ali ndi ntchito yake kumapeto: mukatsukuluza, pukutani ndi nsalu yonyowetsa m'madzi othira viniga pang'ono, kuti ufa woyera wa soda usatsalire. Kusakaniza viniga ndi soda pamodzi kumangochita thovu losangalatsa maso, koma ziwirizi zimathetsana mphamvu.

Pa sitovu ya gasi, mafuwa achitsulo okhazikapo mapoto ndi tizivundikiro takuda mungaviike mu soda wochapira popanda vuto. Koma mitu imene moto umatulukira nthawi zambiri imakhala ya aluminiyamu, choncho ipite ku beseni la soda wophikira. Timabowo take mutitsegule ndi kawaya kopyapyala, mosakulitsa bowo, ndipo muumitse bwinobwino musanabwezeretse. Moto wabwino ndi wobiriwira ngati thambo, wofanana kuzungulira mutu wonse. Ukakhala wachikasu kapena wadukizadukiza, timabowo tina tatsekekabe, mutu udakali wonyowa, kapena simunaukhazike bwino. Moto wotere umadetsa mapoto ndi mwaye ndipo gasi amatha msanga.

Sitovu zamagetsi za mbale zakuda zachitsulo zimadana ndi madzi okhalitsa. Mukatsuka, yatsani kwa mphindi ziwiri kapena zitatu kuti ziume, zikazizira mupake kadontho ka mafuta ophikira kuti zisachite dzimbiri. Sitovu za galasi nazo musazikweche ndi chokhakhala. Pakani phala lija galasi litazizira, ndipo zotsala muzipale ndi lezala latsopano logoneka kwambiri, osati loimirira.

Masefa aume kaye musanawabwezeretse. Mukayatsa chokoka utsi, ikani pepala pansi pa sefa. Likagwira lokha, mpweya ukukokedwa bwino. Likagwa pamene sefa ndi yoyera, vuto lili kumtunda, pa mapiko a fani kapena m'paipi yotulutsa utsi, ndipo mafuta a m'menemo ndiwo amayaka moto wa m'chiwaya ukalilima n'kufika m'mwamba. Kumeneko n'kofunika mmisiri womasula paipi. Dziwaninso kuti zokoka utsi zina zilibe paipi yotulukira panja, zimangobwezera mpweya m'khitchini kudzera mu sefa yakuda ya makala. Masefa ambiri a makalawa satsukidwa, amangosinthidwa.

Madzi otsukira musawathire m'sinki adakali ndi mafuta, chifukwa mafutawo amakagwirana m'mapaipi. Asiyeni azizire, muwengule mafuta oyandama, muwataye ndi zinyalala.

Inu aganyu, musatchule mtengo musanaone. Tsegulani sefa imodzi, mudziwe chitsulo chake, mukande mafutawo ndi chikhadabo. Ngati akunanda n'kuchoka, ntchito ndi ya kuviika kamodzi. Ngati ali gwa ngati vanishi, muwerengere kuviika kawiri kapena katatu, makala kapena magetsi owiritsira madzi, ndi theka la tsiku. Muonetseninso mwini wake malo okalika kapena akuda kale musanayambe. Kwa eni malo okazinga tsiku ndi tsiku, kuviika masefa sabata iliyonse ndi kupukuta sitovu madzulo idakali yofunda kumafuna sopo wotsukira mbale ndi madzi otentha basi, chifukwa mafuta amakhala asanaume.