Kaundula wa banki mkhonde pafoni: chala chikhudze pati, selo isunge chiyani

Asungichuma ambiri a magulu a banki mkhonde ayamba kukopera kaundula wa masheya kuchoka mu kope kupita mufoni, ndipo pulogalamu imene amaipeza msanga pa foni za Android ndi Google Sheets. Mukaitsegula mumaona timabokosi tambirimbiri totchedwa maselo. Mizere yopingasa ili ndi manambala kumanzere, 1, 2, 3, pomwe makolamu otsika ali ndi zilembo pamwamba, A, B, C. Selo iliyonse imadziwika ndi chilembo ndi nambala yake, moti C2 ndi pomwe kolamu C yakumana ndi mzere wachiwiri. Izi munthu amazigwira tsiku lomwelo. Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti zimene selo ikuonetsa si nthawi zonse zimene yasunga, ndipo pafoni chala chimodzi chomwecho ndicho chimasankha, kulemba ndi kuyendetsa tsamba.

Tiyambe ndi chalacho. Kugunda selo kamodzi ndi kuisankha chabe: imazunguliridwa ndi mzere wabuluu, ndipo timadontho tiwiri timaoneka, kena pakona yakumwamba kumanzere, kena pakona yakumunsi kumanja. Kuti mulembemo, gundani kawiri motsatizana, kapena gundani kabokosi kakatali kamene kali kumunsi kwa sikirini pafupi ndi chizindikiro cha fx. Kiyibodi ikatuluka mumalemba, kenako mumadina kachizindikiro kochonga kuti zolembazo zikhazikike. Kabokosi kakumunsiko muzikayang'ana kawirikawiri, chifukwa ndiko kamaonetsa zenizeni zimene zili m'kati mwa selo.

Kusankha maselo ambiri ndi ntchito ya timadontho tija. Ikani chala pa kadontho kakumunsi, osachotsa, ndipo kokerani pansi kapena kumbali mpaka maselo onse amene mukufuna atasintha mtundu. Chala chikaphonya kadontho, tsamba lonse limangoyenda, kapena selo ina imasankhidwa m'malo mwake. Zimachitika kwambiri pa foni za sikirini yaing'ono, ndipo mankhwala ake ndi kukuza tsamba potambasula zala ziwiri musanayambe kukoka. Mukafuna kolamu yonse musavutike ndi kukoka: gundani chilembo chake pamwamba. Mzere wonse nawo, gundani nambala yake. Mukagundanso pamalo amene mwasankha kale, pamatuluka kamndandanda ka Cut, Copy, Paste ndi zina. Samalani pa zilembo ndi manambala a m'mphepetewa, chifukwa kugwira nthawi yaitali n'kukoka kumasuntha kolamu kapena mzere wonse kupita pena. Zikatero musayese kukonza ndi manja. Dinani kamuvi kokhotera kumanzere kamene kali pamwamba, Undo, zibwerere mmene zinalili.

Tsono tiyerekeze gulu la anthu asanu. Mu mzere woyamba mwalemba mitu: A1 Dzina, B1 Nambala ya foni, C1 Masheya mu kwacha, D1 Tsiku. Mtima umafuna kungoyamba kulowetsa mayina ndi ndalama nthawi yomweyo, koma ine ndimalangiza kuti muyambe mwauza kolamu iliyonse mtundu wa zinthu zimene isunge, maselo akadali opanda kanthu. Kumeneku ndiko kumatchedwa kufomata. Gundani chilembo B, kenako dinani chizindikiro cha A wokhala ndi timizere chimene chili pamwamba. Pamatuluka magawo awiri, Text ndi Cell. Pitani ku Cell, pezani Number format, musankhe Plain text.

Chifukwa chake ndi ziro. Manambala a foni a ku Malawi amalembedwa ndi manambala 10 oyamba ndi ziro, monga 099 pa Airtel ndi 088 pa TNM. Pulogalamuyi ikaona manambala okhaokha imati ndi chiwerengero, ndipo pa chiwerengero ziro wakutsogolo alibe ntchito, choncho imamutaya n'kusiya manambala 9. Mukayamba ndi +265 vuto limasintha nkhope: chizindikiro cha + chimatengedwa ngati chiyambi cha fomula, ndiye chimasowa, kapena selo imalemba #ERROR! ngati mwasiya mipata pakati pa manambala. Plain text imauza selo kuti isunge zimene mwalemba mmene zilili. Koma dziwani kuti kusankha Plain text ziro atapita kale sikumubweza. Muyenera kulembanso nambala iliyonse, ndipo pa gulu la anthu 25 imeneyo ndi ntchito yotopetsa pa kiyibodi ya foni. Ngati ndi selo imodzi yokha, kuyamba ndi kachizindikiro ' nambala isanayambe kumachita zomwezo, ndipo kachizindikiroko sikaoneka mu selo.

Kolamu C ndiyo yofunika kuikhalira pansi, chifukwa m'menemo muli ndalama za anthu. Tinene kuti mamembala asanu aja aponya K5,000, K10,000, K5,000, K15,000 ndi K10,000. Mu bokosi muli K45,000. Msungichuma walemba 5000 mu C2, koma pofika pa C3 dzanja lazolowera kope, walemba K10,000, ndipo enawo wapitiriza 5000, 15000, 10000. Mu C7 waika fomula yophatikiza:

```
=SUM(C2:C6)
```

Yankho likutuluka 35000. Palibe chenjezo, palibe chofiira chilichonse. Chilembo K chachititsa kuti C3 ikhale mawu osati chiwerengero, ndipo SUM imalumpha mawu mwakachetechete. Apa ndi pamene pamandidetsa nkhawa, chifukwa pa msonkhano kusiyana kwa K10,000 pakati pa bokosi ndi kaundula kumagwera munthu, osati foni. Mayi amene waponya ndalama zake zonse angaoneke ngati sanapereke, kapena msungichuma angakayikiridwe popanda chimene walakwa.

Pali njira ziwiri zoligwirira vutoli ndi maso. Yoyamba ndi mbali imene zolembedwa zatsamira. Ngati simunasinthe kalikonse, ziwerengero zimatsamira kumanja kwa selo pomwe mawu amatsamira kumanzere. Mukayang'ana kolamu C muona 5000, 5000, 15000 ndi 10000 zili kumanja, K10,000 ili yokha kumanzere. N'chifukwa chake sindikonda chizolowezi choika ndalama pakati pa selo pofuna kukongoletsa, poti chimafafaniza chizindikiro chimenechi. Njira yachiwiri ndi yachala: gundani C2, kokerani kadontho mpaka C6, ndipo kumunsi kwa sikirini kuoneka kuphatikiza kwa maselo amene mwasankha. Pamene mukutsika mzere umodzi umodzi, chiwerengerocho chiyenera kukwera. Selo imene yadutsa osakweza kanthu ndiyo ili ndi vuto. Ikonzeni polemba 10000 yekha, ndipo C7 isintha yokha kukhala 45000.

Ndiye K uja aikidwe kuti? Asiyeni pa mutu wa kolamu, paja talemba kuti Masheya mu kwacha. Mukafuna kuti 15000 aziwerengeka bwino, sankhani kolamu C, pitani ku Number format, mudine Number. Ioneka 15,000.00, ndipo ma ziro awiri akumapetowo mungawachotse pa Decimal places mu gawo lomwelo la Cell. Pali Currency pamndandanda womwewo, koma kawirikawiri imabweretsa chizindikiro cha dola kapena paundi malinga ndi dziko limene fayilo inaikidwa, zomwe zingasokoneze owerenga.

Pochotsa madesimo pali chinthu choyenera kuchimvetsa. Kufomata kumasintha maonekedwe okha, sikukhudza chiwerengero chosungidwa. Mukagawa phindu la K5,000 kwa anthu atatu, selo iliyonse imasunga 1666.666 kupitirira, koma ikhoza kuonetsa 1,667. Wophatikiza ndi kakyuleta zimene akuziona apeza 5,001, pomwe pulogalamu ikunena 5,000. Palibe amene waba kwacha. Pulogalamu ikuphatikiza zimene yasunga, munthu akuphatikiza zimene akuona, ndipo gulu liyenera kugwirizana lokha za mmene lidulire ndalama yotsalayo.

Masiku mu kolamu D ali ndi msampha wawo. Kwathu kuno 4/3/2025 ndi pa 4 Malichi. Fayilo ikakhala kuti inaikidwa pa kalembedwe ka ku America, imawerenga mwezi poyamba, ndiye tsiku lomwelo limakhala 3 Epulo, ndipo ngongole yoyenera kubwezedwa pakatha mwezi yasuntha osadziwa aliyense. Yesani fayilo yanu musanalembe zambiri: mu selo yopanda kanthu lembani 25/3/2025. Ikatsamira kumanja, yalandiridwa ngati tsiku ndipo kalembedwe kanu n'kogwirizana ndi ka fayilo. Ikatsalira kumanzere, ndiye kuti fayilo yafunafuna mwezi wa 25 n'kuusowa, ndipo yangosunga ngati mawu. Dziko la fayilo limasinthidwa pa kompyuta, pa File kenako Settings. Amene ali ndi foni yokha angalembe chaka poyamba, 2025-03-04, poti kalembedwe kameneka kamawerengedwa mofanana kulikonse.

M'kati mwake, tsiku limasungidwa ngati chiwerengero cha masiku kuyambira pa 30 Disembala 1899. Kudziwa izi kumathandiza pamene chala chasankha kolamu yolakwika. Mukaika Number pa kolamu D m'malo mwa C, pa 4 Malichi 2025 asanduka 45,720.00. Mukaika Date pa kolamu ya ndalama, 5000 aoneka ngati tsiku la m'chaka cha 1913. Musafufute kalikonse. Palibe chimene chatayika, ingosankhani kolamuyo n'kubwezera fomati yoyenera. Uku n'kusiyana kwake ndi ziro wa nambala ya foni uja, amene amatayika pa nthawi yolemba.

Zokongoletsa zibwere pomaliza, ndipo zochepa zikukwanira. Gundani nambala 1 kuti musankhe mzere wa mitu, mudine B kuti zilembo zinenepe. Gundaninso pa nambalayo mpaka kamndandanda katuluke, mupeze Freeze, kuti mitu izioneka ngakhale mwatsika kufika pa membala wa 25. Pa sikirini yaing'ono ichi n'chothandiza kuposa mitundu yonse, chifukwa chimaletsa kulemba ngongole mu kolamu ya masheya. Dzina lalitali likabisika kuseri kwa selo yoyandikana nayo, yatsani Wrap text mu gawo la Cell kuti lipindikire pansi. Merge cells muisiye pakati pa kaundula: mukalumikiza maselo okhala ndi zolembedwa, zimatsala za selo yakumwamba kumanzere zokha, komanso kusanja mayina motsatira zilembo kumavuta pambuyo pake.

Gulu likakula, fomula ya mu C7 iyeneranso kuyang'anidwa. Membala watsopano akalembedwa pansi pa mzere wa kuphatikiza, SUM simuona, chifukwa inauzidwa kuti ithere pa C6. Njira yabwino ndi kulowetsa mzere watsopano pakati pa mamembala akale, pakuti mukatero malire a fomula amatambasuka okha kukhala C2:C7. Mukamaliza, gundani selo ya kuphatikiza, muwerenge fomula mu kabokosi kakumunsi, muone ngati nambala yomaliza ikufika pa mzere wa membala womaliza, kenako mufananize yankho ndi ndalama zimene zawerengedwa pamaso pa gulu.