Mandasi Apsa Kapena Angowala? Kusankha Chithunzi Chonena Zoona

Nkhani ya zophikaphika m'magazini kapena m'buku nthawi zambiri imapatsidwa malo a chithunzi chimodzi chokha. Wophika amayesa kaphikidwe kake kangapo, ulendo uliwonse n'kujambula, kenako wina amafunika kuloza chala kuti tisindikize ichi. Ambirife timathamangira chimene chatikhetsa dovu. Koma chithunzi chimenechi chili ndi ntchito ina. Mayi amene adzakhale pa mbaula ndi tsambalo m'manja adzayang'ana m'chiwaya, n'kuyang'ananso pa chithunzi, kuti adziwe ngati nthawi yovuula yakwana. Chithunzi chikamunamiza, ufa, shuga ndi mafuta zapita pachabe.

Titenge mandasi, poti ndani sawadziwa. Kaphikidwe kake kakhale aka: fulawa theka la kilogalamu, shuga masipuni aakulu asanu, yisiti masipuni aang'ono awiri, kamchere, ndi madzi ofunda kapena mkaka wopitirira pang'ono kapu imodzi. Mukanda, muvundikira mpaka ufawo utafufuma kuwirikiza kawiri, muumba, n'kukazinga m'mafuta ambiri. Kaphikidwe kotere kakulonjeza zinthu zodziwika: kunja kofiirira mofanana, mkati mofewa mwa timabowo, ndi mandasi opepuka osakhuta mafuta. Musanaone chithunzi ngakhale chimodzi, lonjezo limeneli likhale m'mutu, chifukwa ndilo muyezo wanu. Amene wayamba ndi zithunzi amakopeka ndi mbale yamaluwa ndi nsalu ya patebulo.

Tsopano patebulo pali zithunzi zitatu. Choyamba ndi cha mandasi a bulauni wakuda, onyezimira, ounjikidwa bwino m'mbale, koma palibe lobenthulidwa. Chachiwiri ndi cha mandasi oyererako, aakulu, ali pa pepala. Chachitatu sichikopa kwenikweni: mbale yoyera wamba, mandasi ofiirira ngati uchi, limodzi logawidwa pakati, pambali pali kapu ya tiyi.

Anthu ambiri amasankha choyamba, ndipo m'pomveka, chifukwa maso athu anazolowera kuti chofiira ndiye chapsa. Kufiirako kumabwera shuga akagwirizana ndi zomanga thupi za mu ufa pa kutentha kwakukulu. Katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, ndiye anafotokoza zimenezi mu 1912, ndipo mpaka lero zimatchedwa ndi dzina lake. Zimachitika mofulumira kutentha kukapitirira madigiri 140, ndipo zimachitika pakhungu pokha, pamene pauma. Mkati mwa mandasi muli madzi, choncho simungatenthe kupitirira madigiri 100 pamene madzi amawira. Kunja ndi mkati zimapsa pa liwiro losiyana, ndipo luso lonse la kukazinga lagona pa kuzifikitsa pamodzi. Mafuta oyenera amakhala pa madigiri 170 mpaka 180, ndipo mbali iliyonse imatenga mphindi ziwiri kapena zitatu. Makala akayaka kwambiri mafuta n'kuyandikira 200, khungu limada mphindi imodzi isanathe, pakati pakadali phala.

Ndiye mtundu wa pa chithunzi choyamba ukutiuza zochepa kuposa mmene tikuganizira. Mwina mandasiwo anapsa bwino, kungoti shuga anachuluka, pakuti shuga wambiri amadetsa khungu msanga. Mwina wophika anathirako soda, amenenso amafulumizitsa kufiira. Mwina mafuta anali akale, okazingira kangapo. Kapena ndi aja timagula m'mawa pa depoti, okongola kunja, koma ukaluma ufa n'kukakamira m'mano. Chithunzicho sichingatisiyanitsire zonsezi chifukwa chabisa mkati. Kazizindikiro kamodzi kangathandize: ngati mandasi ang'ambika pamwamba, mng'aluwo n'kuoneka woyera ndi wonyowa, khungu linauma msanga ufa usanamalize kufufuma, ndiye unachita kuboola. Amenewo ndi moto wochuluka.

Pa chithunzi chachiwiri musayambe ndi mandasi, yambani ndi pepala. Mandasi okazingidwa bwino amasiya timadontho tochepa. Ngati pansi pa lililonse pali chibanga chachikulu cha mafuta, pepala mpaka kuonekera, mafuta anali ozizira, mwina cha m'ma 150. Izi zimachitika kawirikawiri wophika akaponya mandasi ambiri nthawi imodzi pofuna kuthamangira kumsika. Ufa wozizira umatsitsa kutentha kwa mafuta, khungu limachedwa kulimba, mandasi amakhalitsa m'chiwaya, ndipo potuluka amakhala atakhuta mafuta. Khungu lake limaoneka lonyowa ndi lokwinyika, ndipo ena amaphwa akazizira, makamaka ngati ufa unafufuma mopyola muyezo usanakazingidwe.

Koma tisafulumire kuweruza, chifukwa kuyerako kungakhale kwa kamera osati kwa chiwaya. Apa ndi pamene ambiri osankha zithunzi amapunthwa. Kuwala kuli ndi mtundu wake. Babu la chikasu la m'nyumba limapaka chilichonse utoto wofiirira, moti mandasi osapsa amaoneka ngati a golide. Babu loyera kwambiri, kapena mthunzi wa pakhonde masana, zimakokera zinthu ku buluu, moti mandasi abwinobwino amaoneka otuwa. Fulashi imachititsa malo a mafuta kung'anima ngati anyowa. Pamwamba pa izi, foni za masiku ano zimakonza zokha mitundu zikangojambula, zina n'kuonjezera kufiira, mwini wake osadziwa.

Njira yodzitetezera ndi yapafupi. Funafunani pa chithunzipo chinthu chimene mukudziwa kuti ndi choyera: mbale, pepala, shuga, mkaka. Ngati mbale yoyera ikuoneka yachikasu, dziwani kuti mandasiwo ndi oyera kuposa mmene akuonekera. Ngati mbaleyo yawala mpaka m'mphepete mwake osaoneka, kuwala kunachuluka, ndipo mandasiwo ndi akuda kuposa mmene chithunzi chikunenera. Zithunzi ziwiri zojambulidwa pa kuwala kosiyana sizingafanizidwe mtundu wake mpaka mutachotsera chinyengo chimenechi m'maganizo. Ndipo muzionere pa foni imodzi kapena pa kompyuta imodzi, chifukwa magalasi a zipangizozi nawonso saonetsa mitundu mofanana. Pa chithunzi chathu chachiwiri pepala likuoneka loyera bwinobwino, ndipo chibanga cha mafuta chilipo. Kamera ilibe mlandu, vuto linali pamoto.

Chachitatu ndicho choyenera kuchedwa nacho. Mbale ndi yoyera, choncho mtundu wa mandasi tingaukhulupirire. Kufiira kwake n'kofanana pa onse, osati ena akuda ena oyera, kusonyeza kuti moto sunasinthesinthe kuyambira oyamba mpaka omaliza. Pa ena mukuoneka kamzere koyererako kozungulira pakati. Wosadziwa angati pamenepo sipanapse, koma ndi umboni wabwino: ufa wofufuma mokwanira umayandama, theka lili m'mafuta theka lili pamwamba, ndipo mukatembenuza pamatsala kalamba kamene sikanamire kwenikweni. Ufa wosafufuma umalemera, umamira kwambiri, ndipo kamzereko kamachepa kapena osaoneka n'komwe.

Kenako yang'anani logawidwa lija. Khungu likhale lopyapyala. Timabowo tikhale ponseponse, kuchokera m'mphepete mpaka pakati penipeni. Pakati pakakhala kachigawo kothinana, kotuwa, konyezimira ngati konyowa, ufa sunapse. Pansi pa khungu pakakhala mkombero wakuda wonyowa wolowa mkati, mafuta analowerera. Bowo limodzi lalikulu si mlandu nthawi zonse, poti mandasi ena, maka opyapyala, amafufuma choncho, koma ngati kaphikidwe kalonjeza mkati mofewa modzaza, chithunzi cha mandasi a mphako chikuonetsa chakudya china. Onaninso mmene analigawira. Kubenthula ndi manja kumaonetsa timabowo mmene tilili, pamene mpeni wobuntha, makamaka mandasi akadali otentha, umafinya mkati n'kuchititsa opsa bwino kuoneka ngati aawisi.

Kapu ya tiyi ija nayo si yokongoletsera chabe. Ikutiuza kukula kwa mandasi. Kaphikidwe kakati mphindi zitatu mbali iliyonse, mphindizo ndi za mandasi a msinkhu winawake. Wowerenga akaumba aakulu ngati chibakera chifukwa chithunzi chinajambulidwa pafupi kwambiri popanda chofanizira, mphindi zomwezo zidzamupatsa mandasi aawisi pakati, ngakhale watsatira zonse.

Palinso funso loti chithunzicho ndi cha kaphikidwe kameneka kapena ayi. Ngati pa mndandanda palibe shuga wowaza koma mandasi a pa chithunzi ayera ndi shuga, wojambula waonjeza zake. Otsatsa malonda anayamba kalekale kukometsera zakudya. Ku America, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kampani ya Campbell's inafunsidwa ndi bungwe la boma loona za malonda chifukwa pojambula supu anaika timipira tagalasi pansi pa mbale kuti zam'kati zikwere pamwamba, supuyo aoneke wodzaza. Kupaka mafuta pamwamba pa chakudya kuti chinyezimire ndi kofala mpaka lero, ndiye mandasi owala mopitirira ngati a pa chithunzi choyamba ayenera kukayikiridwa. Ozizira bwino sanyezimira kwambiri.

Maso omwewa amagwira ntchito pa zakudya zina, ngakhale zizindikiro zimasintha. Pa nsima timayang'ana kusalala kwa mtanda, ngati waima bwino osaphwasuka, ndiponso ngati mulibe mibulu, koma nsima yoyera pa mbale yoyera imasowa m'kuwala, choncho chithunzi chabwino ndi chimene kuwala kwachokera m'mbali, monga pawindo, kuti timithunzi tionetse khungu lake. Pa chambo chokazinga timayang'ana m'mizere yochekedwa ija: nyama yopsa imayera n'kumagawikana, yosapsa imaoneka ngati galasi pafupi ndi minga. Masamba obiriwira kwambiri sakutanthauza kuti aphikidwa pang'ono, chifukwa soda amasunga kubiriwira ngakhale masambawo atafeweratu.

Nkhuku ndiyo yofunika kusamala nayo kwambiri, chifukwa apa kulakwitsa kumadwalitsa. Akatswiri a zaumoyo wa chakudya amati nkhuku yapsa mkati mwake mukafika madigiri 74, ndipo mtundu si umboni wokwanira. Nkhuku yaing'ono ikhoza kukhala yofiirira pafupa koma itapsa, ina n'kuyera bwinobwino isanafike pa kutentha kopha tizilombo. Chithunzi cha nkhuku yootcha, kaya chikongole motani, chingakuuzeni za khungu basi.

Ngakhale pa mandasi athu, chithunzi chachitatu chapambana pa zooneka zokha. Sichinganene ngati mchere unaiwalika, ngati ufa unasasa chifukwa chogonera, kapena ngati mafuta anali ndi fungo la nsomba za dzulo. Zimenezo amadziwa ndi amene analawa, ndipo wosankha zithunzi ayenera kumufunsa asanatumize tsamba kokasindikiza. Wolawayo akati okoma anali a chithunzi choyamba, musasindikize choyambacho mmene chilili. Wophika akazingenso, abenthule limodzi, aike pa mbale yoyera pafupi ndi windo, ajambulenso.