Tchuthi chisathere pa foni ya kuntchito

Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limapatsa munthu wogwira ntchito masiku asanu pa sabata tchuthi cholipidwa cha masiku osachepera 15 pa chaka. Komabe masikuwa amathera m'mauthenga a pa WhatsApp ngati munthuyo sanagwirizane kanthu ndi abwana ake asanachoke.

Kungopempha kuti asavutitsidwe sikokwanira. Chofunika n'kumvana tanthauzo la nkhani yadzidzidzi, ndi kulemba zomwe agwirizanazo.

Mwachitsanzo, wowerengera ndalama amene tchuthi chake chikudutsa kumapeto kwa mwezi angalembere abwana ake kutatsala sabata imodzi. M'kalatamo atchule mnzake amene atsale ndi ntchitoyo, ndipo apemphe kuti mafunso onse azipita kwa ameneyo. Kenaka anene chimene angamuimbire foni, monga ngati banki yakana kutumiza malipiro a antchito. Invoyisi yosochera ingadikire kufikira atabwerera.

Agwirizanenso kuti woimba akhale mmodzi, ndipo aziimba foni ndithu osati kulemba pa gulu, chifukwa uthenga wofunika umakwiririka pakati pa ena. Ngati akupita kumudzi kumene netiweki imavuta, anene ola limene azipezeka.

Dongosololi limasokonekera pamene wotsalayo wapatsidwa ntchito popanda mphamvu yosainira kapena chilolezo cholowera mu kompyuta, kotero amaimba tsiku lililonse. N'chifukwa chake ndi bwino kuti ayesere ntchitoyo mwini wake asanachoke. M'kalatamo mulembedwenso kuti tsiku limene waitanidwa kuofesi adzabwezeredwa.